Mageti awiri a NOR akumbukira bwanji pamene limodzi silikumbukira kanthu?

Chisomo wa ku Mchini: Mwaswera bwanji nonse a m'gulu. Pali chimene chandizunguza mutu pa phunziro la mageti. Geti la NOR palokha ndalimvetsa. Limatulutsa 1 pokhapokha zolowera zake zonse ziwiri zikakhala pa 0, ukangoika 1 pa chimodzi limatulutsa 0. Silidziwa za kale, limangoyankha zimene likuona nthawi yomweyo. Tsono akuti ukatenga awiri, chotuluka mu loyamba n'kuchilowetsa mu lachiwiri, chotuluka mu lachiwiri n'kuchibweza mu loyamba, amasunga biti imodzi, 0 kapena 1. Pa tebulo, pamzere wa zolowera S = 0 ndi R = 0, angolemba kuti Q, ndiyo chotuluka, ikhala mmene inalili. Nanga mmene inalilimo mukusungidwa pati? Mu waya?

Mabvuto Mafoni, Kapata: Mkati mwa tchipi muli timakapasita ting'onoting'ono, mlongo wanga. Ukadina S kamodzi kamatchajika, magetsi aja n'kukhala mmenemo. Memore iliyonse ndi choncho, ife timaziona tsiku lililonse m'mafoni.

Madamu Tembo: A Mabvuto, memore ya makapasita ilipodi, ndiyo DRAM ya m'foni ndi m'kompyuta, ndipo chifukwa magetsi ake amatayika pang'onopang'ono imafunika kudzazidwanso kambirimbiri pa sekondi imodzi. Koma iyi wafunsa Chisomo ndi ina. Palibe chimene chatsekeredwa penapake. Mageti awiriwa akugwira ntchito nthawi yonse, lililonse likukakamiza linzake kukhala pamene lili.

Chisomo, siya kaye tebulo. Uliyang'ane geti la NOR mwa njira iyi. Cholowera chimodzi chikakhala pa 1, nkhani yatha, potulukira pakhala 0 ndipo cholowera chinacho chilibe mawu. Koma cholowera chimodzi chikakhala pa 0, chimenecho ndiye chilibe mawu, geti limangotembenuza chinacho: chikabwera ndi 1 limatulutsa 0, chikabwera ndi 0 limatulutsa 1. Gwira zimenezi, chifukwa zonse zotsatira zikuchokera pomwepa.

Mageti athu tiwalembe chonchi, Q ndi chotuluka cha geti lam'mwamba, Qn ndi chotuluka cha lam'munsi:

```
Q  = NOT(R OR Qn)
Qn = NOT(S OR Q)
```

Pamene S ndi R zili pa 0, mageti onse awiri asanduka otembenuza chabe. Tsono tiyerekeze kuti Q ili pa 1. Geti lam'munsi likuona 1 ameneyo, litulutsa Qn = 0. Geti lam'mwamba likuona R = 0 ndi Qn = 0, litulutsa 1. Tabwerera pamene tinayambira, palibe chotsutsana, ndiye palibe chimene chingasinthe. Yerekezanso kuti Q ili pa 0. Lam'munsi likuona S = 0 ndi Q = 0, litulutsa Qn = 1. Lam'mwamba likuona 1 ameneyo, litulutsa 0. Apanso zonse zagwirizana.

Waona kuti zolowera ndi zomwezo, 0 ndi 0, koma mayankho oona alipo awiri? Geti limodzi silingachite zimenezi, pa zolowera zilizonse lili ndi yankho limodzi basi. Apa zolowera sizikukwanira kusankha pakati pa mayankho awiriwa, ndiye chimene chimasankha ndi chimene chinachitika pomaliza.

Chisomo wa ku Mchini: Zikomo madamu, koma penapake ndikuona ngati tikudzinamiza. Mwati "tiyerekeze kuti Q ili pa 1", kenako mwapeza kuti Q ili pa 1. Q ikudalira Qn, Qn ikudalira Q. Woyamba ndani?

Madamu Tembo: Funso labwino, ndipo ambiri amangolidumpha. Papepala zimaoneka ngati zonse zikuchitika nthawi imodzi, koma geti lenileni limachedwa pang'ono kuyankha. Pa tchipi ya 74HC02 kuchedwako ndi mananosekondi 10 kapena chapompo, pa CD4001 ya pa 5 V kumapitirira 100. Ndiye Q ya kumanzere kwa chizindikiro cha = ndi imene ibwera pakapita kanthawi, pamene Qn ya kumanja ndi ya panopa. Woyamba ndi batani limene wadina.

Tiyambe Q ili pa 0, Qn ili pa 1, udine S. Poyamba geti lam'munsi liona 1 wa S, ndipo pakapita kanthawi kaja Qn igwa pa 0. Panthawiyi Q isanasinthe, zotulukira zonse ziwiri zili pa 0 kwa kamphindi. Kenako lam'mwamba liona R = 0 ndi Qn = 0, pakapita kanthawi kenanso Q ikwera pa 1. Tsopano taona chimene chachitika ku geti lam'munsi. Lili ndi ma 1 awiri, wina wochokera ku batani, wina wochokera ku Q. Chotsa chala. 1 wa batani wachoka, koma wa Q watsala, ndipo mmodzi ndi wokwanira kusunga Qn pa 0. Ntchito imene chala chako chimagwira, tsopano ikugwiridwa ndi waya wobwerera uja.

N'chifukwa chake S iyenera kukhala pa 1 mpaka kusinthako kutazungulira mageti onse awiri. Ikachoka msanga Q isanakwere, palibe wolandira ntchito, ndipo lachi, ndiyo mageti awiri obwezeranawa, ikhoza kubwerera pakale. Ndi chala sungafike pofulumira chotero, koma ngati S ikuchokera ku tchipi ina zimachitika.

A Phiri Amagetsi: Ine za matchipi sindinapite nazo patali, koma zimene mukulongosola apa ndi sitata ya pa chigayo. Ukadina START koyilo ya kontakita imakoka, ndipo kontakiti yaing'ono ya pambali imatseka n'kupitiriza kudyetsa koyilo yomweyo. Wachotsa chala, mota ikungozungulira. Ukadina STOP wadula njira, koyilo yasiya, kontakiti ija yatseguka, ndipo ngakhale usiye STOP siyambanso yokha. Takhala tikumanga zimenezi kuyambira kalekale ku Chadiza, ku Vubwi, konseko. Koma kontakita ndi imodzi yokha. Ndiye inenso ndifunse, mageti awiri ngachiyani? Tengani limodzi mulibwezere lokha, zatha.

Madamu Tembo: A Phiri, chigawo choyamba mwalasa ndithu, kuposa mmene mukuganizira. Mizere iwiri ija mukailowetsa umodzi mu unzake, imatuluka chonchi:

```
Q yatsopano = (S OR Q) AND (NOT R)
```

Muiwerenge ngati mawaya. S OR Q ndiye START yolumikizidwa mbali ndi mbali ndi kontakiti yanu yaing'ono. AND NOT R ndiye STOP imene ili pamzere umodzi ndi koyilo. Ndi sitata yanu yeniyeni.

Pa za geti limodzi ndiye tisiyana. Kontakita yanu sitembenuza, ikakoka imadzithandiza kupitiriza kukoka. NOR imatembenuza. Mukabweza chotuluka chake m'cholowera chake chomwe, china chili pa 0, ndiye kuti mwaliuza kuti likhale pa 1 likakhala pa 0, likhale pa 0 likakhala pa 1. Palibe yankho limene lingakhazikike. Chimene chimachitika n'chakuti limaima chapakati, cha m'ma 2.5 V ngati mukulipatsa 5 V, kapena limangogwedezeka mofulumira kwambiri, malinga ndi tchipi yake. Kutembenuza kawiri ndiko kumabweza chinthu mmene chinalili, ndiye chobweracho chimalimbikitsa chimene chilipo kale. Mukaika atatu mozungulira mwabwereranso ku vuto lija, sakhazikika, ndipo ena amachita dala zimenezi akafuna chinthu chogunda mosalekeza.

A Phiri Amagetsi: Nanga geti losatembenuza, la OR? Limenelo likhoza lokha.

Madamu Tembo: Likhoza kugwira 1, inde. Koma likagwira silisiya, chifukwa mulibe polowera STOP. Chili ngati sitata yopanda batani lofiira, kuti muzimitse mpaka mukadule magetsi onse. Geti lachiwiri ndilo limatipatsa khomo la R.

Chisomo wa ku Mchini: Ndayesa kumanga pa buledibodi ndi CD4001 ndi tchaja ya foni ya 5 V. R ili pa mwendo 1, Q ikutuluka pa mwendo 3. S ili pa mwendo 6, Qn ikutuluka pa mwendo 4. Mwendo 2 ndalumikiza ku 4, mwendo 5 ndalumikiza ku 3. Mwendo 14 ku 5 V, mwendo 7 ku GND. Kababu kofiira ka LED kali pa Q. Ndikadina S kakuyaka, koma ndikangochotsa chala kakuzima. Sikukumbukira kalikonse!

Mabvuto Mafoni, Kapata: Tchipi ndi yabodza imeneyo. Zambiri zikubwera masiku ano ndi zofufutidwa pamsana n'kulembedwanso. Bwera nayo kushopu mawa tiyese ina.

Tiyanjane, Lundazi: Musanaitaye, onetsetsa kuti ndi CD4001 yeniyeni pamsana pake, osati 74HC02. Zonse ndi mageti anayi a NOR m'miyendo 14, koma miyendo yake ndi yosiyana. Pa 74HC02 mwendo 1 ndi potulukira, zolowera ndi 2 ndi 3. Pa CD4001 zolowera ndi 1 ndi 2, potulukira ndi 3. Anthu ambiri amatenga chithunzi cha ina n'kumangira inzake. Chinanso, kodi S ndi R wazimangirira ku GND ndi marezisita? Batani likakhala losadinidwa mwendo usatsale ukulendewera. Matchipi amenewa mwendo wolendewera umatola chilichonse, ngakhale kungoyandikiza dzanja umasintha.

Chisomo wa ku Mchini: Palembedwa CD4001BE. Marezisita a 10k alipo pa S ndi pa R ponse. Miyendo ya mageti awiri otsala, 8, 9, 12 ndi 13, ndaiika ku GND.

Madamu Tembo: Mawaya ako ali bwino monga wawalembera. Tisaganizire, tipime. Ika mita pakati pa mwendo 3 ndi GND, udine S osachotsa chala, utiuze ikuwerenga zingati. Kenako uzule kababuko, upimenso, uchotse chala uone ngati mita isintha.

Chisomo wa ku Mchini: Kababu kali pomwepo ndikadina ikuwerenga 1.8 V. Nditakazula ikuwerenga 5.0 V, ndipo ndachotsa chala yakhalabe pa 5.0 V! Ndadina R yagwa pa 0 n'kukhala pomwepo. Ndiye kababu ndiko kakusokoneza?

Madamu Tembo: Eya. Kodi kababuko kali ndi rezisita yake?

Chisomo wa ku Mchini: Ayi, kali kokha kuchokera pa mwendo 3 kupita ku GND. Sikanapse.

Madamu Tembo: Sikanapse chifukwa CD4001 pa 5 V ndi yofooka, imatulutsa mamiliampu ochepa chabe. Koma taona chimene kakuchita. LED yofiira ikayaka salola kuti mphamvu ya pamiyendo yake ipitirire 1.8 V kapena 2 V. Ndiye mwendo 3 wakanikizidwa pa 1.8 V, ndipo waya wako wobwerera ukutenga 1.8 V yomweyo kupita nayo ku mwendo 5. Kwa iwe kababu kayaka, ukuti ndi 1. Kwa geti lam'munsi si 1. Tchipi imeneyi pa 5 V imalonjeza kuwerenga 1 kuyambira 3.5 V kupita m'mwamba, ndipo malire ake enieni ali chapakati, cha m'ma 2.5 V. 1.8 V ili kunsi kwa malirewo, ndiye ikuwerengedwa ngati 0.

Tsono tsatira nkhani ija. Wadina S, Qn yagwa, Q yayesa kukwera koma yaima pa 1.8 V. Wachotsa chala. Geti lam'munsi likuona 0 ku S, likuonanso chimene likuyesa 0 ku Q, ndiye likukweza Qn pa 1, ndipo 1 ameneyo akugwetsa Q. Wolandira ntchito uja analipo koma analibe mphamvu. Vuto lakoli layankha funso lako loyamba bwino kuposa mawu anga. Tchipi ndi yomweyo, mageti ndi omwewo, wangofooketsa chobwerera ndipo kukumbukira kwatha.

Ika rezisita ya 2.2k pamzere umodzi ndi kababuko. Ya 330 imene ambiri anazolowera pa tchipi imeneyi imakokabe kwambiri, Q ikhoza kutsika pansi pa 3.5 V, zigwira koma mokayikitsa. Njira imene ine ndimakonda ndi yosasenzetsa Q katundu aliyense. Zula miyendo 8 ndi 9 ku GND, uilumikize pamodzi ku mwendo 4, kababu ndi rezisita yake uziike pa mwendo 10. Geti lachitatulo likutembenuza Qn, ndiye likupatsa chithunzi cha Q, ndipo kababu kakoke mmene kangakokere sikakhudza kuzungulira kuja.

Chisomo wa ku Mchini: Ndaika 2.2k, mita ikuti 4.5 V, ndipo tsopano kakukhala koyaka ndikachotsa chala. A Mabvuto, tchipi yanga mwainamizira!

Mabvuto Mafoni, Kapata: Chabwino, yapulumuka lero. Koma chenjera usadine mabatani onse awiri pamodzi. Paja amati n'zoletsedwa, ipsa.

Tiyanjane, Lundazi: Siipsa, achimwene. Palibe zotulukira ziwiri zimene zagundana. Geti lililonse laona 1, lililonse latulutsa 0, basi. Chimene chawonongeka ndi pangano lakuti Qn nthawi zonse ndi yotsutsana ndi Q, chifukwa apa zonse zili pa 0. Ngati pali dera lina limene likudalira panganolo, ndilo lisokonezeke.

Chisomo wa ku Mchini: Ndadina onse, kababu kazima, palibe chatentha. Ndikasiya onse pamodzi nthawi zina kakuyaka, nthawi zina ayi.

Madamu Tembo: Zala zako sizisiya pamodzi, ngakhale iwe ukuona ngati zatero. Kusiyana kwa gawo limodzi mwa magawo 1000 a sekondi kwa tchipi ndi nthawi yaitali zedi. Batani limene lasiyidwa pomaliza ndilo limapambana. Ukayamba kusiya S, R ikadali pa 1, geti lam'munsi likuona 0 ndi 0, Qn ikwera, ndipo pamene ukusiya R wapeza Q yatsekeredwa kale pa 0. Yesa dala, usiye limodzi kenako linzake, uona kuti sizilephera.

Vuto lenileni limabwera zolowera zonse zikagwa pa 0 mkati mwa kanthawi kochedwa geti kaja. Mageti onse awiri akuona 0 ndi 0, onse ayamba kukwera limodzi, ndipo lililonse likamakwera likukankhira linzake pansi. Limene latsogola pang'ono, kaya chifukwa matiranzisita ake ndi amphamvu pang'ono kapena waya wake wasenza zochepa, limapambana, ndipo kusiyana kwakung'onoko kumakulitsidwa ndi kuzungulira komweko mpaka lina lifike pamwamba, lina pansi. Akafanana kwambiri akhoza kuima chapakati kwa kanthawi, Q isali 0 isali 1, asanagwere mbali ina. Nthawi zambiri zimatha msangamsanga, koma palibe angakulonjeze kuti zitha liti kapena zigwera kuti. Mainjiniya a makompyuta amalimbana nazo mpaka lero pamene chizindikiro chikuchokera kunja mosagwirizana ndi wotchi ya dera.

Chisomo wa ku Mchini: Malaiti anapita kuno ku Mchini, angobwera kumene. Ndinasiya kababu koyaka, ndapeza kozima. Ndazula tchaja n'kubwezera kangapo, nthawi zonse kakuyamba kozima.

A Phiri Amagetsi: Si mwaona, ndi sitata basi. Magetsi akapita kontakita imasiya, akabwera imadikira munthu adine START. Zodziwikiratu.

Madamu Tembo: Zoiwala magetsi akapita n'zofanana, chifukwa biti imakhalapo pokhapokha mageti akukankhana. Koma zoyamba pa 0 musazikhulupirire, a Phiri. Kontakita ili ndi sipuling'i yoibwezera mbali imodzi, lachi ilibe. Magetsi akamabwera ndi mpikisano womwe uja ndanena. Ya Chisomo ikugwera ku 0 mwina chifukwa Q yasenza kababu pamene Qn ilibe katundu, ndiye Qn imakwera msanga. Asinthe tchipi kapena asamutse kababu, zikhoza kutembenuka.

A Phiri Amagetsi: Ngati yachita chimodzimodzi nthawi zonse, kwa ine ndiye khalidwe lake. Ife kuntchito timakhulupirira chimene taona.

Madamu Tembo: Pa buledibodi imeneyo lero, inde. Ine sindingamangirepo mota.

Mabvuto Mafoni, Kapata: Tsono ngati imaiwala malaiti akapita, ndi memore yanji? Foni ndimachotsa batire mwezi wathunthu, zithunzi zili momwemo.

Tiyanjane, Lundazi: Zithunzi zili mu fulashi, ndipo kumeneko mawu anu oyamba aja ndi oona, magetsi amatsekeredwa mkati mwa tiranzisita. Koma kulembamo n'kochedwa ndipo imatha ikalembedwa kambirimbiri. Yozungulirayi ndi yofulumira ndipo sitopa. SRAM ya mkati mwa pulosesa biti iliyonse ndi zotembenuza ziwiri zobwezerana chonchi, matiranzisita 6 onse pamodzi, anayi a zotembenuza ndi awiri olowera. Nzeruyi ndi yakale kuposa tiranzisita yomwe, William Eccles ndi Frank Jordan a ku Britain anaipanga ndi mavavu awiri a wailesi mu 1918.

Daka wa ku Katete: Pepani ndalowa mochedwa, ndawerenga zonse. Ine nkhani yanga ndi ya thanki. Ndili ndi pampu m'chitsime ndi swichi imodzi ya fuloti pamwamba pa thanki. Madzi akangotsika pang'ono pampu yayaka, akakwera pang'ono yazima, tsiku lonse kuyaka kuzima. Kodi kanthu kanuka kangandithandize?

Madamu Tembo: Ndiyo ntchito yake yeniyeni, a Daka. Mufunika mafuloti awiri. Yam'munsi ipereke 1 ku S madzi akatsika kufika pamenepo, yam'mwamba ipereke 1 ku R thanki ikadzaza. Madzi akakhala pakati pa ziwirizi, S ndi R zonse zili pa 0. Taganizani, thanki ili theka. Pampu iyake kapena izime? Mafuloti sangakuuzeni, chifukwa theka la podzaza ndi theka la potsika kwa iwo n'chimodzimodzi. Biti imodzi ija ndiyo imasunga kuti tikukwera kapena tikutsika. Ngakhale fuloti yam'munsi igwedezeke ndi mafunde n'kupereka 1 kakhumi, palibe chosintha, chifukwa kudina S pamene Q ili kale pa 1 sikuwonjezera kanthu.

Q isayendetse pampu yokha ayi. Idutse pa tiranzisita, tiranzisita ikoke rile yaing'ono yokhala ndi dayodi pa koyilo yake, rile ndiyo ikoke kontakita. Ndipo mbali ya 230 V muitane a Phiri, musaigwire nokha.

Daka wa ku Katete: Zamveka. Koma mwati magetsi akabwera siidziwika igwera kuti. Kwathu kuno magetsi akabwera ndimafuna pampu iyambe pomwepo ngakhale thanki ili theka, chifukwa sindidziwa apitanso nthawi yanji. Ikadikira kuti madzi afike pansi, magetsi akhala atapita kale.

Madamu Tembo: Ndiye muiuze pogwera. Ikani kapasita ya 10 µF kuchokera ku 5 V kupita ku mwendo wa S, mwendo wake wa + ku 5 V, rezisita ya 10k ija ikhale pomwepo kupita ku GND. Magetsi akangobwera kapasita ili yopanda kanthu, ndiye imakokera S m'mwamba, kenako imadzaza kudzera mu rezisita, S n'kutsikira pa 0. 10k kuchulukitsa ndi 10 µF ndi 0.1 sekondi, yokwanira kwambiri. Zili ngati wina wadina S kamodzi nthawi iliyonse magetsi akabwera.

Chisomo wa ku Mchini: Koma madamu, nanga magetsi akabwera thanki ili yodzaza? R ili pa 1, kapasita yaikanso S pa 1. Si zoletsedwa zija?

Madamu Tembo: Ndi zomwezo, tsono zitsatire wekha. Zonse zili pa 1, Q ili pati?

Chisomo wa ku Mchini: Pa 0, ndiye pampu siyaka. Kenako S ikutsika yokha, R ikadali pa 1 chifukwa thanki ikadali yodzaza. R ndiyo yotsala pomaliza, ndiye Q ikhalabe pa 0. Palibe mpikisano.

Madamu Tembo: Ndendende. Bola pampu mwaitengera ku Q, osati ku Qn. Apa ndiye kababu ka pa mwendo 10 kaja kangakunamizeni, chifukwa kakutembenuza Qn, ndipo Q ndi Qn zonse zikakhala pa 0 iko kayaka pamene Q yeniyeni ili pa 0. Pa thanki tengerani pa mwendo 3 kudzera mu rezisita yaikulu, ngati 10k, kupita ku tiranzisita, kuti musabwerezenso vuto la Chisomo.

A Phiri Amagetsi: A Daka, mverani ine. Zonsezi ndikuchitirani ndi kontakita imodzi ndi mafuloti awiri, yam'munsi m'malo mwa START, yam'mwamba m'malo mwa STOP, popanda tchipi, popanda tchaja. Madamu avomera okha kuti masamu ake ndi amodzi. Ndipo waya wochokera pa thanki kufika m'nyumba ndi wautali. Tiyanjane wanena kuti miyendo ya tchipi imatola ngakhale dzanja. Nanga mvula ya Disembala ikabwera ndi ziphaliwali zake? Koyilo ya kontakita siikoka chifukwa cha phokoso la pa waya. Chinanso, ana amene mukuwerenga muno, zoyamba zokha magetsi akabwera musadzayese pa chigayo kapena pa sowo. Munthu amakhala walowetsa dzanja akuchotsa zotsekera.

Madamu Tembo: Pa chigayo ndikugwirizana nanu kwathunthu, kumeneko kapasita ipite ku R, ndipo kunena zoona kumeneko ikhale kontakita basi. Za waya wautali mwanenanso zoona, lachi imagwira kaphokoso kakafupi n'kukasunga monga imasungira batani lenileni, siisiyanitsa. Zimachepetsedwa ndi rezisita yotsitsa yaing'ono, ngati 1k, ndi kapasita pafupi ndi tchipi. Mukasintha rezisita ya pa S kukhala 1k, nthawi ija itsika kufika pa 0.01 sekondi, ndiye kapasita ikule. Koma sitata yanu, a Phiri, magetsi akabwera thanki ili theka siyamba, pamene a Daka akufuna iyambe. Mukonza bwanji?

A Phiri Amagetsi: Taimala yaing'ono yopereka START kamodzi magetsi akabwera. Zilipo.

Daka wa ku Katete: Taimalayo ndi mtengo wake zikhala bwanji poyerekeza ndi CD4001 ndi rile? Komanso chitsime changa mu Okutobala madzi amatsika kwambiri. Pampu ikayamba yokha usiku m'chitsime muli mouma, ndani aizimitse? Kodi ndingawonjezere swichi yachitatu ku R?

Tiyanjane, Lundazi: Zitheka. CD4025 ili ndi mageti a NOR a zolowera zitatu, ndiye geti lam'mwamba likhala ndi ma R awiri, iliyonse ikhoza kugwetsa Q. Koma madzi akabwerera m'chitsime thanki ili theka, pampu siyambanso mpaka fuloti yam'munsi ipereke S. Musankhe ngati zimenezo mukuzifuna.

Daka wa ku Katete: Zimenezo ndiziganizire kaye. A Phiri, Loweruka mukhala ku Kapata? Ndibwera ndi chithunzi cha bokosi la pampu muone kontakita imene ilimo ngati ili ndi kontakiti ya pambali.